Makomo 437, tikufuna 40: nanga 10.925 timulumpha bwanji?

Nabanda: Akuluakulu pa gulu pano, ndithandizeni ndisanalakwitse. Ndikupanga kafukufuku wa nkhuni ndi makala m'midzi ya gulupu mmodzi. Kalembera wa makomo tamaliza sabata yatha, tapeza makomo 437, onse ali ndi manambala kuyambira 1 mpaka 437. A supavaiza akuti sampulo ikhale makomo 40, ndipo ndisankhe molumpha, osati mwa mayere wamba. Ndagawa 437 ndi 40 ndipo yankho ndi 10.925. Kodi ndizilumpha 10 kapena 11? Khomo la nambala 10.925 ine sindinalionepo kumudziko.

Mbewe: Limenelo ndi khomo lopanda chitseko, achemwali. Tengani 10 basi. Sankhani poyambira pakati pa 1 ndi 10, kenako muziwonjezera 10, mukakwana 40 mwamaliza. Ife tinkatero nthawi yathu ndipo palibe anadandaula.

a Phiri: A Mbewe, amene akanadandaula sanafunsidwe n'komwe. Tiyeni tiwerenge. Poyambira pakutali kwambiri ndi 10. Mukawonjezera 10 kokwana ka 39, mufika pa 400. Ndiye kuti makomo onse kuyambira 401 mpaka 437, makomo 37 amenewo, alibe mwayi ngakhale pang'ono wolowa mu sampulo, kaya mayere agwe bwanji.

A Nabanda, ndifunseko: makomo akumapeto kwa mndandanda wanu ndi a kuti?

Nabanda: Ndi aja a kutsidya kwa dambo. Tinawalemba tsiku lomaliza chifukwa njira yake ndi yovuta. Ndiponso ndi amene ali pafupi ndi phiri, ambiri amawotcha makala ndi omwewo.

a Phiri: Mwaona. Mndandanda wa kalembera sukhala wosakanizika. Umatsata mmene miyendo ya olemba inayendera, ndipo amene amakhala kumapeto kawirikawiri ndi a kutali, a malo atsopano, kapena amene anakumbukiridwa mochedwa. Mukawadula, kafukufuku wanu wa makala asowa owotcha makalawo. Vuto si nambala 10 ayi, vuto ndi kuima pa 40. Mukalumpha 10 mpaka mndandanda utathe, khomo lililonse lili ndi mwayi umodzi pa 10, koma mutuluka ndi makomo 44 ngati mwayambira pa 1 mpaka 7, kapena 43 ngati mwayambira pa 8, 9 kapena 10.

Nabanda: Mafomu ndasindikiza 40 okha, ndipo ndalama ya ofunsa mafunso ndi ya masiku awiri. Anayi owonjezerawo ndi tsiku lachitatu limenelo.

Chisale: Ndiye tengani 11, popeza 10.925 ali pafupi ndi 11. Masamu a ku pulayimale omwe aja. Mukatero simupyola 40.

a Phiri: Apa a Chisale anena zoona, simupyola. Koma mutha kuperewera. Mukayambira pa 8, khomo la 40 ndi 8 kuwonjezera 429, lomwe ndi 437, mwalowa mothina. Mukayambira pa 9, 10 kapena 11, mndandanda utha muli ndi makomo 39. Njira imeneyi ilibe tsankho, aliyense ali ndi mwayi umodzi pa 11. Kungoti katatu pa maulendo 11 mubwera ndi 39.

Chisale: Ndiye ndikaona kuti ndagwera pa 9, ndingobwereza mayere mpaka ndipeze nambala ya pansi.

a Phiri: Ayi ndithu, pamenepo ndiye mwaononga. Mukamakana 9, 10 ndi 11, mwakananso 20, 21, 22, ndi 31, 32, 33, mpaka mmusi. Makomo atatu pa 11 aliwonse mwawatsekera kunja. Mayere sabwerezedwa chifukwa choti yankho silinakukomereni.

Nabanda: A Phiri, ndiye njira yoti ndipeze 40 yeniyeni, osadula aliyense, ilipo?

a Phiri: Ilipo, ndipo ndi yosavuta kuposa mmene imamvekera. Musamuchepetse 10.925, musamukweze, muyende naye momwemo. Chokwezedwa ndi nambala ya khomo, osati mpata wolumphawo.

Ganizani chingwe chotalika mamita 437, khomo lililonse lili ndi mita yake. Khomo 1 ndi kuchokera pa 0 kufika pa 1, khomo 2 kuchokera pa 1 kufika pa 2, choncho mpaka kumapeto. Inu muli ndi ndodo yotalika mamita 10.925. Mwa mayere musankhe malo pena paliponse mkati mwa ndodo yoyamba, ndi madesimo omwe, tinene 3.6. Malo amenewo ali mu mita yachinayi, ndiye khomo loyamba ndi 4. Ikaninso ndodo: 3.6 kuwonjezera 10.925 ndi 14.525, lomwe ndi khomo 15. Ikaninso: 25.45, khomo 26. Kenako 36.375, khomo 37, kenako 47.3, khomo 48. Mukamapitiriza muziwonjezera pa nambala ya madesimo ija, osati pa nambala ya khomo. Ndodo ya 40 ikugwera pa 429.675, khomo 430.

Popeza ndodo 40 zimakwana ndendende mamita 437, nthawi zonse mutuluka ndi makomo 40. Ndipo popeza mita ya aliyense ndi yofanana ndi ya mnzake, mwayi wa khomo lililonse ndi 40 pa 437.

Mbewe: Koma mwangolumpha 11 paliponse apa: 4, 15, 26, 37, 48. Zikusiyana pati ndi za a Chisale?

a Phiri: Pitirizani muone. 59, 70, 81, kenako 91. Apo mpata ndi 10. Pa ulendo wonse wochokera pa 4 kukafika pa 430 muli mipata 39, ndipo 36 ndi ya 11, itatu ndi ya 10. Itatu imeneyo ndi imene imasunga malo oti khomo la 40 lisagwere kunja. Kwa a Nabanda kusiyana n'kochepa chifukwa 10.925 wayandikira kale 11. Koma mpata utakhala 2.5, kusankha 2 kapena 3 kungasinthe kukula kwa sampulo kwambiri, pomwe njira ya madesimo imangosinthanitsa mipata ya 2 ndi ya 3.

Nasibeko: Pepani ndalowerera. Ine ndili pa chipatala china chaching'ono, tikufuna kufunsa amayi akamatuluka ku sikelo. Tikufuna 40 ifenso pa tsiku. Koma sitidziwa kuti abwera angati, tsiku lina 90, tsiku lina 160. Ndiye 437 wathu ndi uti?

Chisale: Lanu ndi funso lina, mayi. A Nabanda ali ndi mndandanda m'manja, inu mulibe.

a Phiri: Eya, ndi lina. Inu simungakhale ndi zonse ziwiri, mpata wokhazikika komanso 40 yeniyeni. Yang'anani mu kaundula kuti masiku a sikelo pamabwera angati, sankhani mpata kutengera pamenepo, mwina mayi mmodzi pa atatu aliwonse, ndipo mupitirize mpaka womaliza atatuluka. Tsiku la 90 mupeza 30, tsiku la 160 mupeza 53 kapena 54. Cholakwika ndi chomwe chija, kutseka mafomu pa 40 nthawi ya 10 koloko, chifukwa obwera mochedwa nthawi zambiri ndi a kutali. Tsegulani mutu wake pawokha tikakambirane bwino, pano tisamusokoneze mwini funso.

Nasibeko: Zikomo, nditsegula madzulo.

Nabanda: Ndayesa pa Excel. Ndasankha poyambira ndi `=RANDBETWEEN(1,10)`, yandipatsa 6, ndiye ndikuwonjezera 10.925 n'kumakweza. Ndapeza 6, 17, 28, 39. Zikuoneka bwino, ndi 40 ndithu.

a Phiri: Zikuoneka bwino koma muli msampha, ndipo ambiri amagweramo. Poyambira panu ndi nambala yathunthu ya pakati pa 1 ndi 10, ndiye sampulo zomwe zingatuluke ndi 10 zokha. Sampulo 10 za makomo 40 zimakhudza makomo 400. Aja 37 asowanso, kungoti tsopano amwazikana mu mndandanda monse, sakuonekera. Yesani nokha: khomo 11 lingatuluke bwanji? Loyamba silingapyole 10. Lachiwiri laling'ono kwambiri ndi 1 kuwonjezera 10.925, lomwe ndi 11.925, khomo 12. Khomo 11 latsala. Chimodzimodzi 22 ndi 33.

Poyambira payenera kutha kugwera paliponse pakati pa 0 ndi 10.925, ndi madesimo omwe.

Nabanda: Ha, ndikanapita nazo kumudzi mawa zimenezi.

Mbewe: Ine ndikufunsa za kukwezako. Bwanji osangotengera ku nambala yapafupi monga tinaphunzirira, 14.525 akhale 15 koma 25.45 akhale 25? Kukweza chilichonse sikukondera manambala a pamwamba?

a Phiri: Pakati pa mndandanda zilibe kanthu, aliyense amakhalabe ndi mita yake, yangosuntha ndi theka. Vuto lili kumathero awiri. Poyambira pakagwera pa 0.3, nambala yapafupi ndi 0, ndipo khomo 0 kulibe. Munthu akaona 0 amangolemba 1, ndiye khomo 1 lapeza mita ndi theka. Kumapeto, khomo 437 limangotsala ndi kuchokera pa 436.5 kufika pa 437, theka la mwayi wa anzake. Mutha kukonza ponena kuti 0 akatuluka ndiye 437, koma n'kudzivutitsiranji? Kukweza nthawi zonse kulibe zotsalira zimenezi.

Chinanso, musafupikitse mpatawo. Mukalemba 10.9, ndodo 40 zithera pa 436 ndipo khomo 437 silidzatuluka. Mukalemba 10.93 zithera pa 437.2, ndipo tsiku lina mudzapatsidwa khomo 438 loti kulibe.

Kalua: Ndakhala ndikungowerenga, koma pa Excel ndiyankhulepo, chifukwa zinandiluma. Mu chitsanzo cha a Phiri muli malo oopsa: 3.6 kuwonjezera 10.925 ka 8 ndi 91 ndendende. Pa pepala ndi khomo 91. Koma kompyuta sisunga madesimo ngati 10.925 ndendende, imasunga nambala yoyandikira. Mukamawonjezera mzere ndi mzere, kanyenyeswa kakhoza kutsalira kumapeto, ndipo pulogalamu ina ikakweza ikupatsani 92. Sizichitika nthawi zonse, koma zikachitika simuona.

Njira yanga ndi yothawa madesimo mpaka kumapeto. Chulukitsani zonse ndi 40. Poyambira pakhale nambala yathunthu ya pakati pa 1 ndi 437, muike mu B1:

```
=RANDBETWEEN(1,437)
```

Mu A2 mpaka A41 lembani 0 mpaka 39. Mu C2 lembani ichi n'kukokera pansi:

```
=ROUNDUP(($B$1+A2*437)/40,0)
```

B1 akakhala 144, ndi 3.6 yemwe uja wa a Phiri, chifukwa 144 kugawa ndi 40 ndi 3.6. Pa mzere woopsa uja zikhala 3640 kugawa ndi 40, yomwe ndi 91 yoyera.

Ndipo chonde, nambala ya mu B1 ikangotuluka, ikopereni n'kuimata ngati Values. RANDBETWEEN imasintha nthawi iliyonse mukakhudza shiti. Ine ndinapatsa gulu lina mndandanda m'mawa, madzulo ndikutsegula fayilo ndikupeza manambala ena, ndinatuluka thukuta osadziwa kuti olondola ndi ati.

a Phiri: Imeneyi ndiyo yabwino, a Kalua, ndipo ndi yosavuta kuitsimikizira. Titenge khomo 11 lomwe linasowa lija. Lituluka loyamba B1 akakhala 401 mpaka 437, manambala 37. Litulukanso lachiwiri B1 akakhala 1, 2 kapena 3, chifukwa 438, 439 ndi 440 kugawa ndi 40 sizipyola 11. Pamodzi 40. Khomo 1 lituluka B1 akakhala 1 mpaka 40, manambala 40 omwewo. Khomo lililonse mungayese mupeza 40 pa 437.

Chisale: Ife aphunzitsi athu anatiphunzitsa yozungulira. Umasankha poyambira paliponse pa mndandanda wonse, umalumpha 11, ukafika kumapeto umabwerera koyamba ngati wotchi. Palibe madesimo, palibe kompyuta. Sindikuona chifukwa chovutikira ndi 10.925.

a Phiri: Njira yeniyeni imeneyo, ndi yakale, anthu amaitchula ndi dzina la Lahiri wa ku India. Pa manambala a a Nabanda ikugwira bwinobwino. Mukayambira pa 300, muyenda 311, 322 mpaka 432, kenako 443 kuchotsa 437 ndi khomo 6, kenako 17, ndipo la 40 ndi 292. Makomo 40, aliyense mwayi wofanana. Kwa munthu amene ali kumudzi ndi pensulo yokha, ndingamuuze imeneyi.

Koma ili ndi pake pogwera. Tinene makomo ndi 30, mukufuna 12. Mpata ndi 2.5, mwaukweza kukhala 3. Yambirani pa 1: 4, 7, 10, mpaka 28, amenewo ndi makomo 10. Lotsatira ndi 31 kuchotsa 30, mwabwerera pa 1. Muzingozungulira pa makomo 10 omwewo. Zimatha kuchitika pamene mpata ndi chiwerengero cha makomo zili ndi nambala yozigawa zonse ziwiri, ndipo mwazungulira kupyola pomwe munayambira. Kwa a Nabanda, 437 ndi 19 kuchulukitsa ndi 23, alibe chibale ndi 11, ndiye palibe mantha.

Chisale: Pa 30 paja ndikanatenga 2 m'malo mwa 3.

a Phiri: Mukanapeza 12 osabwereza, ndipo mwayi ukanakhala wofanana. Koma kuyambira pa 1 mukanathera pa 23, chigawo cha makomo 7 otsatizana osachiponda. Phindu lonse la kusankha molumpha ndi loti sampulo imwazike mudzi wonse. Njira ya madesimo imamwaza mofanana nthawi zonse, n'chifukwa chake ine ndimaikonda pakakhala kompyuta.

Mbewe: Tsopano mwandiopseza. Ndili ndi ntchito ina imene anyamata anga amaliza mwezi watha, ndipo anachita monga ndinanenera poyamba paja, kutsitsa mpata n'kuima sampulo itakwana. Ndiitaye?

a Phiri: Musataye. Ngati n'kotheka kubwererako, pitirizani kulumpha kuchokera pomwe anaimira, ndi mpata womwewo, mpaka mndandanda uthe. Pa manambala ngati a a Nabanda angakhale makomo atatu kapena anayi okha. Mukatero sampulo yakhala yolungama, khomo lililonse likuimira makomo 10. Ngati simungabwerere, lembani poyera mu lipoti kuti zotsatira zikunena za makomo amene anali ndi mwayi, ndipo mutchule kuti otsalawo ndi a dera liti.

Mbewe: Nanga kutenga 44 yonse pa pepala, kenako n'kuchotsa anayi mwa mayere kuti atsale 40? Sizofanana?

Kalua: Zatsala pang'ono kufanana koma ayi. Makomo amene nambala yake imathera ndi 1 mpaka 7 amabwera mu gulu la 44, ndiye achotsedwapo anayi. Othera ndi 8, 9 ndi 0 amabwera mu gulu la 43, achotsedwapo atatu. Mwayi wa oyambawo ndi pafupifupi 0.091, wa enawo 0.093. Mukafuna zoyera, chotsani kaye makomo 37 mwa mayere pa mndandanda wonse, otsala 400 muwapatse manambala atsopano, ndiye mulumphe 10.

Mbewe: 0.091 ndi 0.093? Abale, kusiyana kumeneko ndi kochepa kuposa bodza limene mayi amanena mukamufunsa kuti amagula makala a ndalama zingati pa mwezi.

Kalua: Sindikukana. Koma yoyerayo ndi fomula imodzi, yosalipira.

a Phiri: Nonse muli ndi mfundo. Zolakwa zina ndi zazikulu, monga kudula a kutsidya kwa dambo kapena kubwereza mayere. Zina ndi zazing'ono, monga iyi, kapena avareji ya sampulo imene nthawi zina ndi 39 nthawi zina 40, imene imapendekeka pang'ono pokha. Munthu amene wabwera ndi 39 atalumpha 11 moona mtima ine sindingamubweze.

Nabanda: A supavaiza anga angamubweze. Iwo akuti 40 ndi 40.

Ndachita ya a Kalua. B1 yatuluka 144 ayi, yatuluka 289, ndaimata kale. Loyamba ndi 8, lachiwiri 19, lomaliza 434. Ndidziwa bwanji kuti sindinalakwitse pokokera fomula?

Kalua: Onani zinthu zitatu. Loyamba likhale pakati pa 1 ndi 11, lomaliza pakati pa 427 ndi 437. Kenako mu kolamu ina chotsani nambala iliyonse pa yotsatira yake: muzipeza 10 kapena 11 basi. Mukaona nambala ina iliyonse, kapena mipata yonse ili 11, china chalakwika, kawirikawiri ndi chizindikiro cha `$` chimene chagwa pa B1. Zanu 8 ndi 19 ndi 434 ndawerenga, zikugwirizana ndi 289.

Nabanda: Mipata ili 10 ndi 11, ya 10 ilipo itatu. Kutsidya kwa dambo kwagwera makomo anayi: 401, 412, 423 ndi 434. Ndiye ulendo wa miyendo ulipo ndithu.

Funso lomaliza. Tikakapeza khomo 19 palibe munthu, titenge 20?

Mbewe: Aliyense amatero.

a Phiri: Aliyense amatero, ndipo n'chifukwa chake masampulo amadzaza ndi anthu opezeka pakhomo masana. Wowotcha makala masana ali kuphiri. Bwererani madzulo kapena m'mawa mwake, ndipo akasowabe lembani kuti sanapezeke.

Chisale: Ndiye 40 ya a supavaiza ija yakhala 37. Ine ndinganene kuti asankhiretu 44 ndi fomula yomweyo, angosintha 40 kukhala 44 ndi kuwonjezera mizere mu A, kuti ena akasowa atsalebe pafupi ndi 40.

Kalua: Fomula ilola, koma ayenera kuyendera onse 44, osati kuima akakwana 40, apo ayi tabwerera koyamba kuja.

Nabanda: Mafomu ndi 40, a Chisale, ndanena kale. Ndiwafunsa a supavaiza mawa ngati angalole kusindikiza ena anayi. Akakana ndipita ndi 289 wanga.